Mafunso a sirizi ndi paralelo pa mayeso a magetsi: kufupikitsa seketi pang'onopang'ono mpaka itsale rezisita imodzi

Mayeso a MSCE akamayandikira, funso lina la Fizikisi limabwera kwa aphunzitsi mobwerezabwereza, ndipo ophunzira amalifunsa atakwinya nkhope. Amati mafomula onse awiri adawaloweza, ya sirizi ndi ya paralelo yomwe, koma akangoona chithunzi cha marezisita asanu ndi mawaya opingasapingasa sadziwa poyambira. Ena amangowonkhetsa manambala onse amene ali pa chithunzipo. Ena amasankha marezisita awiri oyandikana n'kuwaika mu fomula imene yabwera msanga m'mutu. Masamu ake amakhala olondola, koma yankho n'kukhala lolakwika.

Ine ndimaona kuti vuto silikhala pa masamu. Limakhala pa kuwerenga chithunzi. Wophunzira amene amatha kuloza ndi chala kuti awa ali mu sirizi, awa ali mu paralelo, awa sali m'gulu lililonse pakadali pano, ndiye kuti wamaliza gawo lalikulu la funsolo. Zotsalazo ndi kuwonkhetsa ndi kugawa basi.

## Mawu amene tigwiritse ntchito

Seketi ndi njira yotsekeka imene magetsi amadutsamo, kuchoka mbali imodzi ya batire, kudutsa m'mawaya ndi m'zipangizo, kukafika mbali inayo. Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa pamalo ena pa sekondi iliyonse. Chizindikiro chake ndi I ndipo imayezedwa mu maampeya, A. Voliteji ndi mphamvu yokankha magetsiwo pakati pa malo awiri. Chizindikiro chake ndi V, ndipo imayezedwa mu mavoti, amenenso amalembedwa V. Rezisitansi ndi kukaniza kumene chinthu chimachita kuti magetsi asadutse mosavuta. Chizindikiro chake ndi R ndipo imayezedwa mu maomu, Ω. Kachipangizo kopangidwira kukaniza kumeneku ndiko rezisita.

Zitatuzi zimalumikizidwa ndi lamulo limene Mjeremani Georg Ohm adalisindikiza mu 1827:

```
V = I × R
```

Chinthu chimodzi chokhudza voliteji chisakudutseni: voliteji sikhala pamalo amodzi, imakhala pakati pa malo awiri. Karenti imadutsa mkati mwa rezisita, pomwe voliteji imayezedwa kuchokera kumapeto kwina kwa rezisitayo kufika kumapeto kwinako. Kusiyana kumeneku ndiko kudzatithandiza kutsogoloku.

## Chizindikiro chenicheni cha sirizi ndi cha paralelo

Mabuku ambiri amajambula sirizi ngati marezisita ondondozana pa mzere umodzi, ndipo paralelo ngati marezisita osanjikizana, ina pamwamba ina pansi. Zithunzizo n'zoona, koma zimazoloweretsa maso zolakwika, chifukwa wolemba mayeso akhoza kupinda waya mmene wafunira. Rezisita ina akhoza kuiimika, ina kuigoneka, ina kuipendeketsa pakona, ndipo seketi n'kukhala yomweyo. Choncho musadalire mmene marezisita akhalira pa pepala. Dalirani mphambano.

Mphambano ndi malo amene mawaya atatu kapena oposerapo akumana, pamene karenti imagawikana kapena kuphatikizana. Marezisita awiri ali mu sirizi ngati mutha kuchoka pa yoyamba n'kufika pa yachiwiri osadutsa mphambano iliyonse. Popeza palibe pothawira, karenti yonse yotuluka mu yoyamba imalowa mu yachiwiri. Marezisita awiri ali mu paralelo ngati onse achokera pa mphambano imodzi ndipo onse akathera pa mphambano ina imodzi, popanda rezisita ina pa nthambi zawozo. Mbali zonse ziwiri ziyenera kugwirizana. Kukumana mbali imodzi yokha sikukwanira, ndipo apa ndi pamene malikisi ambiri amatayikira.

Amene adathirirapo mbewu ku dimba amaidziwa kale nkhaniyi. Madzi akamayenda mu ngalande imodzi yokhala ndi malo awiri opanikizika, madzi onse odutsa pamalo oyamba adutsanso pachiwiri, ndipo kupanikizika kuwiriko kumachedwetsa madzi kuposa kumodzi. Koma mukakumba ngalande yachiwiri pambali, yochokera pamalo omwewo n'kukathira pamalo omwewo, madzi ofika kumunsi amachuluka, ngakhale ngalande yatsopanoyo ikhale yaing'ono bwanji. Njira yowonjezera siingachepetse madzi odutsa. N'chifukwa chake kuwonjezera rezisita mu sirizi kumakweza rezisitansi yonse, pomwe kuwonjezera rezisita mu paralelo kumaitsitsa. Ambiri zimawadabwitsa kuti chinthu chokaniza magetsi chikawonjezedwa, kukanizako n'kuchepa. Chimene mwawonjezera pamenepo ndi njira.

Mafomula ake ndi awa:

```
Sirizi:    R = R1 + R2 + R3
Paralelo:  1/R = 1/R1 + 1/R2 + 1/R3
```

Mu sirizi karenti ndi imodzimodzi paliponse, ndipo voliteji ndiyo imagawidwa. Mu paralelo voliteji ndi imodzimodzi pa nthambi zonse, ndipo karenti ndiyo imagawidwa. Fomula ya paralelo imachokera pomwepa. Ngati nthambi ziwiri zili ndi voliteji V yofanana, karenti ya nthambi yoyamba ndi V/R1, ya yachiwiri ndi V/R2. Karenti yonse ndi kuwonkhetsa ziwirizo, ndipo iyenera kufanana ndi V/R. Mukagawa mbali zonse ndi V, mwatsala ndi 1/R = 1/R1 + 1/R2. Amene wamvetsa izi sangasokoneze mafomula awiriwa ngakhale mantha a m'chipinda cha mayeso atamugwira.

## Funso lathu

Tiyeni titenge seketi ya mtundu umene umasowetsa anthu mtendere. Batire ndi la 20 V, ndipo marezisita alipo asanu.

```
(+)--[R1 7Ω]--A--------[R2 12Ω]--------B--(-)
              |                        |
              +--[R3 2Ω]--C--[R4 6Ω]---+
                          |            |
                          +--[R5 3Ω]---+
```

Funso likuti tipeze rezisitansi ya seketi yonse, karenti yochoka ku batire, ndi karenti yodutsa mu R5.

Musanakhudze kakyuleta, tengani pensulo n'kupatsa mphambano iliyonse chilembo. Yambirani ku mbali ya (+) ya batire, muyende ndi chala. Mwadutsa R1, mwafika pamene waya wagawikana pawiri: pamenepo ndi A. Njira yakumwamba ikudutsa R2 n'kukafika pa B. Njira yakumunsi ikudutsa R3 n'kufika pogawikana pena, C. Kuchokera pa C, njira ina ikudutsa R4, ina R5, ndipo zonse zikukathera ku waya wa kumanja uja.

Waya wa kumanjayo ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. Pa chithunzi akuoneka kuti ali ndi malo angapo olumikizira, koma pakati pa malowo palibe rezisita iliyonse. Pa mafunso a mayeso waya amatengedwa kuti alibe rezisitansi, choncho waya yense ameneyu, kutalika kwake konse, ndi malo amodzi: B. Njira yothandiza ndi kudetsa waya yenseyo ndi pensulo, kuima pokhapokha mwagunda rezisita kapena batire. Paliponse pamene pada ndi B.

Tsopano lembani pambali kumene rezisita iliyonse yachokera ndi kumene yathera. R1 ili pakati pa batire ndi A. R2 ili pakati pa A ndi B. R3 ili pakati pa A ndi C. R4 ili pakati pa C ndi B, ndipo R5 ilinso pakati pa C ndi B. Mukayang'ana zimene mwalembazi, awiri okha ndiwo ali ndi zilembo zofanana mbali zonse: R4 ndi R5. Amenewa ali mu paralelo, ndipo ndi pokhapo pamene tingayambire. R1 ndi R3 sali mu sirizi, chifukwa pakati pawo pali mphambano A. R2 ndi R4 sali mu paralelo, chifukwa ngakhale onse athera pa B, ina yachokera pa A, inayo pa C.

## Kufupikitsa, sitepe ndi sitepe

Tiyamba ndi R4 ndi R5.

```
1/R = 1/6 + 1/3 = 1/6 + 2/6 = 3/6
R = 6/3 = 2 Ω
```

Marezisita awiriwa tikhoza kuwachotsa n'kuikapo imodzi ya 2 Ω pakati pa C ndi B, ndipo batire silingazindikire kuti pasintha kanthu. Ndilo tanthauzo la kufupikitsa seketi.

Apa jambulaninso seketiyo. Ndikudziwa kuti ambiri amaona ngati kutero n'kutaya nthawi, koma chithunzi chatsopano ndicho chimaonetsa sitepe yotsatira. Mukajambula, muona kuti C sinalinso mphambano. Waya akuchoka mu R3 n'kulowa mu rezisita yatsopano ija popanda kugawikana. Ndiye kuti awiriwa tsopano ali mu sirizi, chinthu chimene sichinali choona kanthawi kapitako.

```
R = 2 + 2 = 4 Ω
```

Nthambi yonse yakumunsi yasanduka rezisita imodzi ya 4 Ω, yochokera pa A kukathera pa B. Jambulaninso. R2 nayo yachokera pa A kukathera pa B, choncho tsopano ili mu paralelo ndi 4 Ω ija. Pa marezisita awiri pali njira yachidule: chulukitsani manambala awiriwo, mugawe ndi zimene mupeze mukawawonkhetsa.

```
R = (12 × 4) / (12 + 4) = 48/16 = 3 Ω
```

Chithunzi chomaliza chatsala ndi batire, R1 ya 7 Ω, ndi rezisita ya 3 Ω pakati pa A ndi B. A sinalinso mphambano, ndiye tiwonkhetsa: 7 + 3 = 10 Ω. Gawo loyamba la funso layankhidwa. Lachiwiri ndi lamulo la Ohm pa seketi yonse: I = 20/10 = 2 A.

Taonani mmene tayendera. Tayambira mkati mwenimweni, kutali ndi batire, n'kumabwerera chakubatire: paralelo, sirizi, paralelo, sirizi. Kawirikawiri pa maseketi oterewa poyambira pamakhala kutali ndi batire, koma chotsimikizira ndi zilembo za mphambano zija, osati mtunda wa pa pepala.

## Ulendo wobwerera

Gawo lachitatu, karenti ya mu R5, ndilo limasiyanitsa amene wamvetsa ndi amene waloweza. Chimene ambiri amachita ndi kutenga 20 V ya batire n'kugawa ndi 3 Ω, n'kupeza 6.7 A. Imani kaye muganize: batire lonse likutulutsa 2 A yokha, ndiye 6.7 A ingachokere kuti? Cholakwika n'chakuti 20 V ili pakati pa mapeto awiri a batire, osati pakati pa C ndi B. Pogwiritsa ntchito V = I × R, zonse zitatu ziyenera kukhala za chinthu chimodzi. Ngati R ndi ya R5, V iyeneranso kukhala ya R5.

Kuti tipeze voliteji ya R5, tibwerera m'zithunzi zimene tinajambula zija, kuyambira chomaliza kupita ku choyamba. N'chifukwa chake simuyenera kuzifufuta.

Pa chithunzi chomaliza, 2 A ikudutsa mu R1 ndi mu 3 Ω yoimira zonse za pakati pa A ndi B. R1 ikutenga 2 × 7 = 14 V. Pakati pa A ndi B pali 2 × 3 = 6 V. Mukawonkhetsa 14 ndi 6 mupeza 20, yofanana ndi ya batire, ndiye tili bwino.

Tsegulani 3 Ω ija. Mkati mwake muli nthambi ziwiri za paralelo, 12 Ω ndi 4 Ω, ndipo iliyonse ili ndi 6 V yonse, osati theka. Mu R2 mukudutsa 6/12 = 0.5 A. Mu nthambi yakumunsi mukudutsa 6/4 = 1.5 A. Pamodzi zikukwana 2 A imene inafika pa A.

Tsegulani 4 Ω. Mkati mwake muli R3 ndi 2 Ω ina ija mu sirizi, choncho 1.5 A ikudutsa monsemo. R3 ikutenga 1.5 × 2 = 3 V, ndipo pakati pa C ndi B patsala 3 V.

Tsegulani yomaliza. R4 ndi R5 zonse zili ndi 3 V. Mu R4 mukudutsa 3/6 = 0.5 A, ndipo mu R5 mukudutsa 3/3 = 1 A. Yankho ndi 1 A. Kuwonkhetsa 0.5 ndi 1 kukutipatsa 1.5 A imene inafika pa C.

Lamulo la ulendo wobwererawu ndi lalifupi. Mukatsegula paralelo, nyamulani voliteji mulowe nayo, mupeze makarenti. Mukatsegula sirizi, nyamulani karenti mulowe nayo, mupeze mavoliteji. Onaninso kuti R5, imene ndi theka la R4, yatenga karenti yowirikiza kawiri ya R4. Mu paralelo rezisita yaing'ono ndiyo imatenga karenti yambiri, koma yaikuluyo siimanidwa. Mawu oti magetsi amadutsa njira yosavuta yokha amasocheretsa. Amadutsa njira zonse, mosiyana muyezo.

Ngati nthawi ilipo, pali njira ina yotsimikizira ntchito yonse kamodzi. Mphamvu imene batire likupereka, yoyezedwa mu mawati, W, ndi V × I = 20 × 2 = 40 W. Mphamvu imene rezisita iliyonse ikusandutsa kutentha ndi I² × R: R1 ikudya 28 W, R2 3 W, R3 4.5 W, R4 1.5 W, R5 3 W. Zonse pamodzi 40 W. Karenti imodzi ikadakhala yolakwika, manambalawa sakadagwirizana.

## Mmene mungadziwire kuti mwaphonya

Cholakwika chofala kwambiri pa paralelo ndi kuiwala kutembenuza. Wophunzira amafika pa 1/R = 3/6, amapeza 0.5, n'kulemba kuti R ndi 0.5 Ω. Koma 0.5 ndi 1/R, osati R. Aphunzitsi ambiri amapereka chenjezo loti yankho la paralelo liyenera kuchepera rezisita yaing'ono kwambiri pagululo. Chenjezolo n'loona, koma pano silikugwira wakuba, chifukwa 0.5 ndi yochepera 3. Pamafunika malire a pansinso. Marezisita awiri a 3 Ω mu paralelo amapereka 1.5 Ω. Ife tili ndi 3 Ω ndi 6 Ω, ndipo 6 Ω imakaniza kuposa 3 Ω, choncho yankho lathu liyenera kuposa 1.5 Ω. Ndiye yankho lili pakati pa 1.5 ndi 3. Nambala 2 ikukwanamo, 0.5 ayi. Pa marezisita awiri alionse, yankho limakhala pakati pa yaing'onoyo ndi theka lake. Akakhala atatu, limakhala pakati pa yaing'onoyo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ake.

Chachiwiri ndi kugwiritsa ntchito njira yachidule ija pa marezisita atatu. Njira yochulukitsa n'kugawa ndi yowonkhetsa imagwira pa awiri okha. Yesani pa atatu a 6 Ω: 6 × 6 × 6 ndi 216, kugawa ndi 18 mupeza 12 Ω, yoposa rezisita iliyonse pagululo, zomwe sizingatheke. Yankho lenileni ndi 2 Ω, chifukwa marezisita ofanana akakhala mu paralelo mumangogawa imodzi ndi chiwerengero chawo. Ngati njira yachiduleyo mumaikonda, tengani awiri kaye, mupeze 3 Ω, kenako muphatikize ndi yachitatu: (3 × 6)/(3 + 6) = 2 Ω.

Chachitatu ndicho choopsa, chifukwa yankho lake limaoneka labwinobwino. Tiyerekeze kuti wina pa seketi yathu ija wanyalanyaza mphambano A. Wati R1 ndi R3 ali mu sirizi, 9 Ω, ndipo R2, R4 ndi R5 onse ali mu paralelo poti onse akuthera pa B. Apeza 1/12 + 2/12 + 4/12 = 7/12, kutembenuza n'kukhala 1.71 Ω, ndipo yonse 10.71 Ω. Masamu alibe banga, ndipo nambalayo siili kutali ndi 10. Palibe chenjezo la malire limene lingaigwire. Chimene chingamupulumutse ndi zilembo zija: R2 ndi ya A ndi B, R4 ndi ya C ndi B, choncho sizingalowe mu fomula imodzi. Nambala yosamalizika ngati imeneyi, pa funso limene manambala ake onse ndi athunthu, ikuchititseni kuyang'ananso chithunzi, ngakhale kuti siitsimikizira payokha kuti mwalakwa.

Samalaninso ndi miyezo. Rezisita yolembedwa 2 kΩ ndi 2000 Ω, ndipo 50 mA ndi 0.05 A. Sinthani zonse musanayambe. Ndipo musadule manambala pakatikati pa ntchito. Sungani mafulakishoni mpaka pa sitepe yomaliza.

## Funso likasinthidwa pang'ono

Olemba mayeso amakonda kuwonjezera kagawo kena: chingachitike n'chiyani swichi ikatsegulidwa n'kudula njira ya magetsi, kapena babu lina likapsa? Palibe lamulo latsopano lofunika apa. Nthambi yoduka imafufutidwa pa chithunzi, ndipo mumayambiranso.

Tinene kuti R5 yaduka. C sikhalanso mphambano, choncho R3 ndi R4 ali mu sirizi: 8 Ω. Mu paralelo ndi 12 Ω tipeza 96/20 = 4.8 Ω, ndipo yonse ndi 11.8 Ω. Karenti ya batire yatsika kuchoka pa 2 A kufika pafupifupi 1.69 A. Mpaka apa palibe chodabwitsa: njira imodzi yatsekeka, rezisitansi yakwera. Koma onani zochitika mkatimo. Popeza karenti yatsika, R1 tsopano ikutenga pafupifupi 11.9 V m'malo mwa 14 V, ndipo pakati pa A ndi B patsala pafupifupi 8.1 V m'malo mwa 6 V. Karenti ya R2 yakwera kufika pafupifupi 0.68 A, ndipo ya R4 yafika pafupifupi 1.02 A, kuwirikiza kawiri ya poyamba. Akadakhala mababu, R1 ikadachita mdima pang'ono pomwe R2 ndi R4 zikadawala kwambiri.

Izi zimasokoneza amene adaloweza kuti mu paralelo babu limodzi likapsa, enawo sasintha. Mawuwo ndi oona pamene nthambi zalumikizidwa mwachindunji ku gwero la magetsi, monga m'nyumba mwathu, momwe babu lililonse ndi soketi iliyonse zimalandira 230 V ya ESCOM mosadalirana. Koma pa seketi yathu pali R1 pakati pa batire ndi nthambizo, ndipo gawo la voliteji limene R1 imatenga limasintha karenti ikasintha.

Kusintha kwina ndi waya wopanda rezisita wolumikizidwa modumpha chipangizo, chimene amisiri amati shoti. Wina akalumikiza waya kuchoka pa C kufika pa B, malo awiriwa asanduka amodzi. R4 ndi R5 zili ndi chilembo chimodzimodzi mbali zonse, voliteji pa izo ndi 0, ndipo simudutsa karenti. Zifufuteni. Patsala R3 ya 2 Ω mu paralelo ndi 12 Ω, zomwe zikupereka 1.71 Ω, yonse ndi 8.71 Ω ndipo karenti ya batire yakwera kufika pafupifupi 2.3 A. Swichi yotsekedwa, yolola magetsi kudutsa, imene yajambulidwa modumpha rezisita imachita chimodzimodzi, ndipo pa mayeso imabisika bwino kwambiri.

Zipangizo zoyezera nazo zisakuopseni zikaoneka pa chithunzi. Amita, yoyezera karenti, imalumikizidwa mu sirizi ndipo imatengedwa ngati waya wamba. Votimita, yoyezera voliteji, imalumikizidwa mu paralelo ndipo imatengedwa kuti simudutsa karenti. Pofupikitsa seketi, jambulani waya pamene pali amita, ndipo votimita muichotse pamodzi ndi mawaya ake. Malo amene mawaya a votimita agwira sakhala mphambano zenizeni, choncho marezisita awiri amene agwiridwa pakati ndi waya wa votimita akadali mu sirizi. Mukamaliza kuwerengera, bwererani muone kuti amita inali pa nthambi iti ndipo votimita inagwira zilembo ziti. Votimita yogwira A ndi C pa seketi yathu yoyamba ingawerenge 3 V, yogwira A ndi B ingawerenge 6 V.

## Pamene njirayi imathera

Si seketi iliyonse imene ingafupikitsidwe chonchi. Pali ina yotchedwa mlatho wa Wheatstone: nthambi ziwiri za paralelo, iliyonse ya marezisita awiri, ndi rezisita yachisanu yolumikiza pakati pa nthambi ina ndi pakati pa inzake. Mukalemba zilembo, simupeza awiri ofanana mbali zonse, ndiponso simupeza awiri opanda mphambano pakati pawo. Zikatero si kuti mwalephera kuona, poyambirapo palibedi. Maseketi otere, ndi ena okhala ndi mabatire pa nthambi zosiyana, amafuna malamulo amene Gustav Kirchhoff adawakhazikitsa mu 1845. Ndipotu tawagwiritsa kale ntchito potsimikizira mayankho athu: loyamba limati karenti yolowa pa mphambano imafanana ndi yotuluka, lachiwiri limati mavoliteji a pa njira yozungulira amakwana voliteji ya batire. Mlathowo umafupikitsika mosavuta pokhapokha nthambi ziwirizo zikagawa voliteji mofanana, mwachitsanzo 2 Ω ndi 4 Ω kumwamba, 3 Ω ndi 6 Ω kumunsi. Pamenepo mapeto onse a rezisita yapakati ali pa voliteji imodzi, simudutsa karenti, ndipo mukhoza kuifufuta n'kutsala ndi 6 Ω mu paralelo ndi 9 Ω, zomwe ndi 3.6 Ω.

Amene adzalumikize seketi yeniyeni mu labu adzaonanso kuti amita siwerenga ndendende zimene pepala lanena. Batire lenileni lili ndi rezisitansi yakeyake mkati, ndipo funso likaitchula, mumaiika ngati rezisita ina ya mu sirizi ndi batirelo, n'kuiwonkhetsa pa sitepe yomaliza. Batire lathu likadakhala ndi 0.5 Ω mkati, yonse ikadakhala 10.5 Ω ndipo karenti ikadatsika kufika pafupifupi 1.9 A. Mababu a kawaya kowala nawo sasunga rezisitansi imodzi, chifukwa kawayako kakatentha rezisitansi yake imakwera. Choncho funso la mababu likafunsa liti liwale kwambiri, yankhani poyerekeza makarenti, ndipo muwerengere manambala enieni pokhapokha funsolo lanena kuti rezisitansi ya babu itengedwe kuti siisintha.